Mayina a kachilombo ka malungo akundisokoneza, ndiwagwira bwanji mayeso asanafike?

"Aphunzitsi, mayeso a bayoloje ayandikira koma mutu wa mmene kachilombo ka malungo kamayendera mu udzudzu ndi mwa munthu ukundibalalitsa. Mayina ndaloweza, siporozoiti, merozoiti, gametosaiti ndi enawo, koma akandifunsa kuti choyamba nchiti chotsatira nchiti ndimangosakaniza. Komanso mnzanga akuti udzudzu unamuluma Loweruka usiku ndiye Lamulungu anadzuka ndi malungo, ine ndikuti sizingatheke koma ndikulephera kumufotokozera. Ndithandizeni chonde."

Mtima m'malo achemwali, mutu umenewu umazunguza ambiri, ngakhale amene afika kale ku koleji ya zachipatala. Pa zaka zomwe ndakhala ndikuchonga mapepala ndaona kuti amene amasakaniza ndi aja aloweza mayina ngati mndandanda, dzina pamwamba pa dzina, osadziwa kuti lililonse likukhala pati m'thupi. Kachilombotu nkamodzi komweko, kamangosintha maonekedwe kakasamuka malo. Ndiye pa dzina lililonse muzidzifunsa zinthu zitatu basi: kali pati, kakhalapo nthawi yaitali bwanji, ndipo kakutulukapo kangati. Tengani pepala mulembe masiku m'mbali ngati kalendala, tiyende limodzi ndi kuluma kumodzi kokha. Tigwiritsa ntchito Pulasimodiyamu falisiparamu chifukwa ndi mtundu umene umapha kwambiri komanso umene amakonda kufunsa, mitundu inayo ndiitchula pomwe ikusiyana nawo.

Tsiku 0. Udzudzu wa Anofelesi waukazi watera pakhungu usiku. Waukazi chifukwa ndi umene umafuna magazi kuti mazira ake akhwime, wamphongo umangodya timadzi ta zomera. Usanayambe kuyamwa umayamba walavulira malovu pakhungupo kuti magazi asaundane, ndiye m'malovumo ndi mmene muli masiporozoiti, tinthu titalititali toonda tomwe timatha kuyenda tokha. Sakhala ambiri ayi, nthawi zambiri amangokhala makumi angapo, mwina kupitirira 100 pang'ono. Ena amathera pakhungu pomwepo, ena amapeza kamtsempha nkulowa m'magazi, ndipo mabuku ambiri amati pakatha mphindi 30 mpaka ola limodzi amakhala atafika kuchiwindi. Apa ndi pamene ambiri amatayira malikesi, amalemba kuti siporozoiti imalowa m'maselo ofiira a magazi. Siilowamo. Magazi kwa iyo ndi njira chabe, komwe ikupita ndi kuchiwindi.

Tsiku 1 mpaka 6. Siporozoiti iliyonse yomwe yafika imalowa mu selo limodzi la chiwindi, nkudzikuta mkati mwa kathumba, kenako imayamba kugawikana mwakachetechete. Nyukiliyasi imodzi imakhala ziwiri, zinayi, mpaka masauzande, zonse zili mu selo limodzi lomwelo, ndipo chinthu chodzadza chimenechi ndi chomwe timati sikizonti ya m'chiwindi. Pa falisiparamu ntchitoyi imatenga masiku 5 ndi theka mpaka 7, ndipo selo limodzi limatulutsa mamerozoiti pafupifupi 30,000. Palibe kukwatirana apa, ndi kugawikana kokhakokha. Chofunika kuchigwira nchakuti masiku onsewa munthu ali bwinobwino, akudya, akupita kuntchito, thupi silikutentha, ndipo olo mutamuyeza magazi simupeza kanthu chifukwa tizilombo mulibemo m'magazimo. Gawo limeneli ndi lobisika moti asayansi analipeza mochedwa kwambiri. Laveran anaona tizilombo m'magazi a wodwala mu 1880 ku Algeria, koma za chiwindizi zinadziwika mu 1948 pomwe Shortt ndi Garnham anazipeza, zaka pafupifupi 70 anthu asakudziwa kuti kachilombo kamakabisala kuti sabata yoyambayo.

Apa ndiye nkhani ya mnzanu uja yatha kale eti? Wolumidwa Loweruka, Lamulungu tizilombo tomwe walandira tangofika kumene m'chiwindi, sitinayambe nkomwe kukhudza maselo ofiira a magazi. Malungo sangaonekere pasanathe masiku 7 chilumidwireni, ndipo pa falisiparamu nthawi zambiri pamatenga masiku 9 mpaka 14. Ngati anayezetsa nkupezekadi ndi malungo, udzudzu wolakwa ndi wina umene unamuluma sabata ziwiri zapitazo mwina iye ali mtulo osamva, wa Lowerukawo wangonamiziridwa.

Tsopano tilowe m'magazi, ndipo pano ndikhalitsapo chifukwa matenda onse ali pano. Selo la chiwindi lija likatulutsa mamerozoiti, iwo sachedwa panja, merozoiti iliyonse imagwira selo lofiira nkulowamo mwina mphindi imodzi isanathe, chifukwa ikachedwa chitetezo cha m'thupi chiigwira. Ikalowa imaoneka ngati kamphete kokhala ndi kadontho kofiirira, nchifukwa chake timangoti gawo la mphete. Mphete ija imakula nkukhala tirofozoiti, yomwe ntchito yake ndi kudya, ndipo chomwe ikudya ndi himogulobini wa m'selomo. Mu himogulobini muli kachigawo kotchedwa himu komwe kakamasuka ndi poizoni kwa kachilomboko, ndiye iko kamakaumba kukhala timiyala takuda totchedwa himozoini kuti kasafe nako. Timadontho takuda tomwe mumaona pa silaidi ndi timeneto. Tirofozoiti ikakhuta imagawikana nkukhala sikizonti ya m'magazi, mkati mwake muli mamerozoiti atsopano 16 mpaka 32, selo limaphulika, onse aja nkukalowa m'maselo ena ofiira. Kuchokera polowa mpaka pophulika ndi maola pafupifupi 48.

Mwaona kuti sikizonti yabwera kawiri ndipo merozoiti yabwera kawiri? Apa mpomwe mutu umazungulira. Ya m'chiwindi imachitika kamodzi kokha pa kuluma kumodzi ndipo imatulutsa masauzande. Ya m'magazi imatulutsa ochepa koma imangobwerezabwereza masiku awiri aliwonse. Ndipo njirayi ndi yopita mbali imodzi, merozoiti ikangolowa m'magazi sibwereranso kuchiwindi. Muvi wochoka m'magazi kubwerera kuchiwindi ndimauona pa zojambula za ophunzira chaka ndi chaka, musaujambule.

Tiyeni tiwerengere limodzi kuti muone chifukwa chake matendawa amabwera pa nthawi imene amabwera. Manambala awa ndi ongoyerekeza koma ali m'malire a zomwe zimachitikadi mwa munthu amene alibe chitetezo chakale. Tinene kuti mwa masiporozoiti onse aja, 10 okha ndi amene anakwanitsa kukhazikika m'chiwindi. Aliyense atulutse 30,000, ndiye pa tsiku 6 m'magazi mwalowa 300,000. Sikizonti iliyonse olo itulutse 16 kapena 20, si onse amene amapeza selo, ena amagwidwa, ndiye tingoti chiwerengero chimachulukana ka 10 pa maola 48 aliwonse. Tsiku 8 tili ndi 3 miliyoni. Tsiku 10 tili ndi 30 miliyoni. Tsiku 12 tili ndi 300 miliyoni. Munthu wamkulu amayamba kutentha thupi tizilombo tikafika cha m'ma 100 miliyoni m'thupi lonse, ndipo cha pomwepo mpomwenso maikulosikopu imayamba kutiona bwino. Ndiye onani pomwe masamu atifikitsa, pakati pa tsiku 10 ndi 12, ndendende mkati mwa masiku 9 mpaka 14 aja. Simukufunikanso kuloweza nambala imeneyo, mutha kuipanga nokha pakona pa pepala.

Musaime pamenepo, pitirizani kuchulukitsa. Tsiku 14 ndi 3 biliyoni, tsiku 16 ndi 30 biliyoni, tsiku 18 ndi 300 biliyoni. Munthu wamkulu ali ndi maselo ofiira cha m'ma 25 thililiyoni, ndiye pa tsiku 18 selo limodzi pa 100 aliwonse lalowedwa, ndipo pakangodutsa masiku ena awiri mwina 10 pa 100. Kuchoka pa kamutu kowawa pang'ono kufika pa munthu wothodoka papita sabata imodzi yokha. Zoona zake thupi limalimbana nawo, kutentha thupi komweko kumapha tizilombo tina ndipo kapamba amasefa tambiri, kotero sikuti nthawi zonse zimakwera molunjika chonchi, koma mwa mwana wamng'ono kapena mlendo amene sanadwalepo malungo zimayandikira kwambiri masamu amenewa. Nchifukwa chake azachipatala amalimbikira zoyezetsa pasanathe maola 24 thupi litayamba kutentha.

Nanga kutentha thupiko kumachokera pati? Pophulika paja. Maselo ambiri akaphulika nthawi imodzi amakhuthulira m'magazi himozoini ndi zinyalala zina za kachilomboko, maselo oyera amazizindikira nkutulutsa timakemikolo totchedwa saitokaini tomwe timauza ubongo kuti ukweze kutentha. Munthu amayamba kunjenjemera kuzizidwa, kenako thupi limaotcha, kenako thukuta kamukamu nkumva bwino kwakanthawi, mpaka gulu lotsatira liphulike. Ndiye nthawi ya pakati pa kudwala ndi kudwala ikutsata nthawi ya kuzungulira kwa kachilombo: maola 48 pa falisiparamu, vaivakisi ndi ovale, maola 72 pa malariye, maola 24 pa nolesi, mtundu wa malungo a anyani umene umagwiranso anthu kumwera cha kummawa kwa Asia. Pamayeso lembani choncho. Koma kuchipatala musadzadikire kuti thupi lizitentha modumphitsa tsiku kuti mukhulupirire kuti ndi malungo, falisiparamu kawirikawiri satsata ndondomeko yooneka bwino chifukwa m'thupi mumakhala magulu angapo omwe akuphulika nthawi zosiyana, makamaka masiku oyambirira. Kuchepa kwa magazi nakonso gwero lake ndi lomweli, maselo akuphulika, kapamba akuchotsa ena ambiri kuphatikizapo omwe sanalowedwe nkomwe, ndipo mafupa akupanga atsopano pang'onopang'ono.

Funso lomwe limakonda kubwera ndi loti nchifukwa chani falisiparamu ndi woopsa kuposa anzake. Mayankho ake awiri onse akuchokera mu kayendedwe komweka. Choyamba, sasankha selo. Vaivakisi ndi ovale amakonda maselo ofiira ang'onoang'ono ongotuluka kumene m'mafupa, malariye amakonda okalamba, ndiye malo awo ndi ochepa ndipo chiwerengero sichikwera patali. Falisiparamu amalowa selo la msinkhu uliwonse. Chachiwiri ndi kumata. Theka loyamba la maola 48 aja selo lokhala ndi mphete limayenda m'magazi ngati lina lililonse, koma kachilombo kakamakula kamatumiza mapuloteni ake pakhungu la selolo, pamatuluka timatuza, selo nkumata pakhoma la timitsempha ting'onoting'ono. Kamachita zimenezi pothawa kapamba, chifukwa selo louma lotupa ngati limenelo likadutsa kukapamba limagwidwa nkuwonongedwa. Koma kwa munthu zotsatira zake nzoti timitsempha timatsekeka. Zikachitika mu ubongo ndiye malungo a mu ubongo aja, kukomoka ndi kusazindikira. Zikachitika mu nsengwa ya mayi woyembekezera mwana salandira chakudya chokwanira nkubadwa wochepa thupi. Zimachitikanso m'mapapo ndi mu impso.

Kwa amene mudzagwire maikulosikopu, kumata kumeneku kumasintha zomwe muone. Pa silaidi ya falisiparamu mumapeza mphete zokhazokha, nthawi zina ziwiri mu selo limodzi, ma tirofozoiti aakulu ndi masikizonti simuwaona chifukwa amata kutali mkati mwa ziwalo. Ndiye mukaona silaidi yodzadza mphete popanda magawo ena, ganizani falisiparamu. Mukaona magawo onse osakanikirana ndipo maselo olowedwawo ndi okulirapo kuposa anzawo, ganizani vaivakisi kapena ovale. Ndipo ine ndikaona masikizonti a falisiparamu akuyandama pa silaidi sindisangalala kuti ndapeza chosowa, ndimathamangitsa zotsatirazo kwa dokotala, chifukwa nthawi zambiri zikusonyeza kuti tizilombo tachuluka kwambiri mkatimo. Tanthauzo linanso nloti nambala ya pa silaidi itha kukunamizani, wodwala atha kukhala wothodoka pomwe pa silaidi pakuoneka tochepa, tambiri tamata.

Kufika pano kachilombo kakungochulukana mwa munthu mmodzi, ndipo munthuyo akachira kapena kumwalira nako katha. Njira yotulukira ndi gametosaiti. Mwa mamerozoiti omwe akulowa m'maselo ofiira, ochepa sakhala masikizonti, amakula nkukhala gametosaiti yaimuna kapena yaikazi. Za falisiparamu zimakakulira mkati mwa mafupa masiku 9 mpaka 12 kenako nkutulukira m'magazi, ndipo nzosavuta kuzizindikira, ndi zazitali zokhota ngati nthochi. Gametosaiti sigawikana, siphulitsa selo, sidwalitsa munthu. Imangoyandama kudikira udzudzu. Ndiye funso likati ndi gawo liti limapatsira munthu yankho ndi siporozoiti, likati ndi gawo liti limapatsira udzudzu yankho ndi gametosaiti, likati ndi gawo liti limadwalitsa yankho ndi magawo ogawikana a m'maselo ofiira. Mafunso atatu amenewo amawatembenuza m'njira zambirimbiri koma ndi omwewo.

Udzudzu wina, wopanda kachilombo, waluma munthuyu. Wayamwa zonse, mphete, mamerozoiti, magametosaiti, koma zinazo zimangogayidwa limodzi ndi magazi, opulumuka ndi magametosaiti okha. Iwo amazindikira kuti asamuka chifukwa kutentha kwatsika mwadzidzidzi kuchoka pa madigiri 37 a munthu, komanso m'mimba mwa udzudzu muli kemikolo ina yomwe imawadzutsa. Pasanathe mphindi 15 kapena 20 yaikazi yatuluka m'selo lake nkukhala dzira limodzi, yaimuna yagawikana katatu nkutulutsa timbewu 8 tokhala ngati tizingwe tomwe timapiriringa mwamphamvu. Kupiriringa kumeneku nkomwe Laveran anaona m'dontho la magazi lomwe linali litazizira pagalasi, mpomwe anatsimikiza kuti akuona chamoyo. Kambewu kamodzi kakalowa dzira pamabadwa zaigoti. Apa pokha mpomwe kachilombo kali ndi makoromozomu awiriawiri, ndipo sikachedwa, meyosisi imachitika pomwepo nkubwerera ku amodziamodzi. Poti kukwatirana kukuchitikira mu udzudzu, mabuku amati udzudzu ndiye mwini nyumba weniweni wa kachilomboka, munthu ndi wapanjira. Ambiri amalemba motembenuza poganiza kuti wodwalayo ndiye mwini.

Zaigoti siyenda, koma pakatha maola 18 mpaka 24 imatalika nkukhala okineti yomwe imayenda. Okineti imaboola khoma la mimba ya udzudzu nkukakhazikika kunja kwake, nkudzizinga kukhala kampira kotchedwa owosisiti. Timipira timeneti ndi tomwe Ronald Ross anaona pa mimba ya udzudzu ku India mu 1897. Mkati mwa owosisiti mumachitika kugawikana kwina kwakukulu, masiporozoiti masauzande, kenako imaphulika, iwo nkuyandama m'madzi a m'thupi mwa udzudzu mpaka kukalowa m'timatumba ta malovu. Tafika pomwe tinayambira. Udzudzu umenewo utha kupatsira pa kuluma kulikonse mpaka kufa kwake, koma ana ake sabadwa nako kachilomboko, aliyense amayenera kukatenga yekha kwa munthu.

Gawo la mu udzudzu limatenga masiku 10 mpaka 14 kukamatentha cha m'ma madigiri 25 mpaka 28, ndipo mosiyana ndi mwa munthu momwe kutentha sikusintha, apa nyengo ndiyo ikulamula. Kukazizira limatalika, ndipo kukatsika pansi pa madigiri 18 kapena chapompo falisiparamu amalephera kumaliza, nchifukwa chake kumapiri ozizira malungo amachepa olo udzudzu ulipo. Chomwe ine chimandisangalatsa pa gawoli nchakuti udzudzu wambiri kutchire sukhala moyo wautali choncho, ndiye kachilombo kali pa mpikisano ndi imfa ya mwini nyumba wake. Tiyerekeze kuti kakufuna masiku 12. Ngati pa udzudzu 100 uliwonse 90 umapulumuka tsiku lililonse, muchulukitse 0.9 kokwana ka 12, mupeza pafupifupi 0.28, kutanthauza kuti 28 pa 100 ufika popatsira. Tsopano tsitsani kupulumukako kufike pa 80, yankho likhala pafupifupi 7 pa 100. Pa 70 ndi 1 pa 100 basi. Mwangochepetsa moyo wa udzudzu pang'ono koma opatsira atsika kwambiri. Ili ndiye yankho la funso loti neti yonyikidwa m'mankhwala ndi kupopera makoma zimagwira bwanji ntchito. Sizifunika kupha udzudzu wonse, zikungofunika kuti ufe usanakalambe, ndipo poti umabwera kudzayamwa masiku awiri kapena atatu aliwonse, umakumana ndi mankhwalawo kangapo masiku 12 aja asanakwane.

Mukaphatikiza zonse pa kalendala yanu muona kuti kuchokera pomwe munthu woyamba walumidwa, sabata imodzi m'chiwindi, sabata ina ndi theka kapena ziwiri kuti magametosaiti akhwime, pafupifupi sabata ziwiri mu udzudzu, kenako sabata ziwiri mwa munthu wachiwiri asanadwale, zonse pamodzi ndi cha m'ma sabata 6 kapena kupitirira. Nchifukwa chake odwala amachuluka patapita nthawi mvula itayamba, osati sabata yomweyo.

Tsopano za vaivakisi ndi ovale, pali dzina limodzi lowonjezera, hipinozoiti. Ena mwa masiporozoiti awo akalowa m'chiwindi sagawikana, amangogona, sabata zingapo, miyezi, nthawi zina kupitirira chaka, kenako nkudzuka. Munthu amadwalanso popanda kulumidwa kachiwiri. Falisiparamu ndi malariye alibe zimenezi. Ndiye malungo akabwereranso pali njira zitatu zomwe muyenera kuzisiyanitsa. Kudzuka kwa mahipinozoiti, gwero lake chiwindi, vaivakisi ndi ovale okha. Kuphukanso kwa tizilombo totsala m'magazi chifukwa mankhwala sanamalizidwe, anasanzidwa kapena sanagwire, izi mtundu uliwonse ungachite ndipo pa falisiparamu zimaonekera mkati mwa sabata zochepa. Ndi kulumidwanso mwatsopano. Amakondanso kutchera msampha wa munthu amene watenga vaivakisi kudzera mu kuthiridwa magazi, nkufunsa ngati adzadwalenso kuchokera m'chiwindi. Ayi, chifukwa walandira magawo a m'magazi okha, siporozoiti sinalowepo, ndipo paja tati kuchoka m'magazi kulibe njira yopita kuchiwindi.

Mankhwala nawo mukawaika pa kalendala yomweyi amalowa m'mutu okha. Ophatikiza a atemisinini, monga atemetha ndi lumefantirini, amapha magawo a m'magazi, ndipo amamwedwa masiku atatu kuti atemisinini, yemwe sakhalitsa m'thupi, akumane ndi kuzungulira kuwiri kwa kachilombo, mnzake wokhalitsa uja nkusesa totsala. Munthu amamva bwino tsiku lachiwiri chifukwa chiwerengero chatsika pansi pa 100 miliyoni ija, koma mamiliyoni ena akadalipo, akasiya pamenepo masamu a ka 10 aja ayambiranso. Mankhwala amenewa sakhudza mahipinozoiti, pamenepo pamafunika pirimakwini kwa masiku 14 kapena tafenokwini, ndipo awa samwedwa mwachisawawa, amayamba ayeza kaye enzaimu ya G6PD chifukwa kwa amene ali nayo yochepa maselo ofiira amasweka, komanso sapatsidwa kwa mayi woyembekezera. Magametosaiti okhwima a falisiparamu nawonso amatha kutsala sabata zingapo munthu atachira, ndiye wochira kumene atha kupatsirabe udzudzu, agonebe mu neti. Katemera wa RTS,S ndi R21 amalimbana ndi puloteni ya pakhungu la siporozoiti, cholinga nchoti igwidwe isanakhazikike m'chiwindi, ndiye mutha kuona nokha chifukwa chake sateteza kotheratu, ingopulumuka imodzi yatulutsa 30,000.

Kachipangizo koyezera malungo mwachangu kaja nakonso kali ndi kake. Tambiri timafufuza puloteni ya falisiparamu yotchedwa HRP2, osati kachilombo kamoyo, ndipo puloteniyi imatsalira m'magazi sabata zingapo tizilombo titafa. Ndiye wina akamaliza mankhwala nkuyezetsanso patatha sabata imodzi, mizere iwiri itha kutulukabe popanda kuti mankhwala alephera. Pofuna kudziwa ngati tizilombo tikadalipo pamafunika silaidi.

Pokonzekera mayeso, tsekani buku mujambule nokha mabokosi atatu, chiwindi, magazi, udzudzu, mulembe mayina m'bokosi lake, pa muvi uliwonse muikepo nthawi ndi nambala. Kuchulukana kuli malo atatu, m'chiwindi, m'selo lofiira ndi mu owosisiti, kukwatirana kuli malo amodzi, m'mimba mwa udzudzu. Manambala amasiyana pang'ono buku ndi buku, lina liti 8 mpaka 24 lina 16 mpaka 32, zisakuvutitseni, lembani ya m'buku lomwe aphunzitsi anu akugwiritsa ntchito, ndipo onaninso momwemo kalembedwe ka mayinawa poti wochonga amayang'ana zilembo. Ngati pali labu pafupi pemphani akuonetseni silaidi yeniyeni yopakidwa utoto wa Giemsa, mphete ndi gametosaiti mukaziona ndi maso kamodzi simudzazisokonezanso.

Za mnzanuyo, kupambana mtsutso kusakuiwalitseni kumufunsa ngati anayezetsadi. Ngati anangoganiza kuti ndi malungo nkugula mankhwala, apite akayezetse, kutentha thupi kuli ndi zoyambitsa zambiri. Ngati anayezetsa osapezeka nawo koma thupi likutenthabe, abwerere tsiku lotsatira kapena linalo, paja mwaona kuti chiwerengero chitha kukhala pansi lero nkukwera ka 10 mkuja. Ngati ali pa mankhwala amalize onse, ndipo akapanda kusintha pofika tsiku lachitatu abwerere kuchipatala. Koma akayamba kusanza chilichonse, kulephera kukhala tsonga kapena kumwa, kusokonezeka mutu, kugona kosadzutsika, kukomoka, kupuma movutikira, maso achikasu, zikhatho zoyera kapena mkodzo wakuda, musadikire kuti kuche, ameneyo akufunika jakisoni wa atesuneti kuchipatala nthawi yomweyo. Kwa mwana wosakwana zaka 5 ndi mayi woyembekezera, kutentha thupi kokhako nkokwanira kuti anyamuke tsiku lomwelo.